Zaka zisanu za loji yathu ku Senga Bay: mmene timagawirana ndalama za tipi

Mwezi uno loji yathu yakwanitsa zaka zisanu. Ndi malo ochepa, zipinda zisanu ndi zitatu, khitchini, bala ndi matebulo khumi oyang'ana kunyanja. Timanyadira chambo chathu chowotcha komanso zogona zoyera, koma chimene timanyadira koposa ndi pepala limodzi lomwe limakhomedwa kuseri kwa chitseko cha khitchini pa 5 mwezi uliwonse. Papepalapo pamalembedwa tipi yense amene walowa, amene walandira, ndi ndalama zimene aliyense wapeza. Alendo ambiri amatifunsa kuti ndalama imene amasiya pa tebulo imathera m'thumba la ndani, ndiye tifotokoze zonse.

Tiyambe ndi bilu, chifukwa anthu amasokonezeka pomwepo. Pansi pa bilu pamakhala msonkho wa VAT womwe umapita ku MRA, komanso levi ya zokopa alendo ya 1 peresenti yomwe nayonso ndi ya boma. Pa ziwirizi palibe tambala imene imafika kwa wetala. Mlendo akaona manambala awiriwa amaganiza kuti wathokoza kale anyamata, pomwe sanatero. Sevisi chaji ndi ina: ife timaika 10 peresenti pa chakudya ndi zakumwa kwa magulu a anthu khumi kapena kuposerapo, monga misonkhano, maukwati ndi maphwando a kuntchito, ndipo timaiwerengera pa mtengo msonkho usanalowe. Banja lobwera kudzadya nsima ya kampango sitiliikira chaji imeneyi. Likafuna kuthokoza, liponya m'bokosi mwa kufuna kwake.

Bokosilo ndi lathabwa, lili pa kauntala, ndipo lili ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi amasunga manijala, wina amasunga munthu amene antchito adamusankha okha mwa voti, ndipo amasinthana pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Limatsegulidwa Lolemba lililonse m'mawa, onse awiri alipo, kuphatikizapo mboni yochokera ku khitchini. Amawerenga, kulemba m'kaundula, atatu onse n'kusayina. Madola ndi marandi amalembedwa padera, amakasinthidwa kubanki, ndipo risiti yake imamatidwa m'kaundula momwemo. Risitiyo ndi yofunika kwambiri, chifukwa pakusintha ndalama zakunja ndi pamene mnong'onong'o umayambira, wina amati adamva kuti mtengo wa dola unali wokwera kuposa umene walembedwa. Alendo athu akunja tikupempheni, musaponye dola yong'ambika kapena yakale kwambiri, nthawi zambiri amaikana posintha.

Tipi ya pa khadi, ya Airtel Money ndi ya Mpamba ndiyo imavuta kulondola, chifukwa imalowa pamodzi ndi ndalama ya chakudya. Mlendo wadya za K47,000 n'kulipira K50,000, ndiye kuti K3,000 ya anyamata yabisala mu akaunti ya bizinesi. Wetala amalemba kusiyanako pa bilu nthawi yomweyo, wosunga ndalama n'kusayina, ndipo madzulo potseka amakulowetsa m'kaundula. Mukangodikira kuti mudzawerenge kumapeto kwa mwezi, zatayika. Ndalama imene kampani ya makina a khadi imadula timalipira ife eni, sitiichotsa pa tipi. Ndipo sitilola kuti mlendo atumize tipi pa nambala ya foni ya wetala, pokhapokha mlendoyo atanena yekha kwa manijala kuti iyi ndi mphatso ya uje.

Tsono kagawidwe. Anthu ena amati tipi ndi ya amene waperekera mbale. Ife sitigwirizana nazo. Mlendo amathokoza chifukwa nsomba yapsa bwino, chipinda chinali choyera, galimoto yake yagona bwino usiku wonse. Wophika, wokonza m'zipinda ndi mlonda sakumana naye pa nthawi yolipira, koma thukuta lawo lili mu bilu yomweyo. Kugawa mofanana ndendende nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa amene wagwira masiku 20 amalandira zofanana ndi amene sadajombe, ndipo mwezi wotsatira ojomba amachuluka. Ndiye timagwiritsa ntchito mapointi. Shefu wamkulu ndi woyang'anira matebulo ali ndi mapointi 6 pa tsiku. Mawetala, wa pa bala, wothandiza shefu ndi okonza m'zipinda ali ndi 5. Mlonda ndi wotsuka mbale ali ndi 4. Mwini loji ndi manijala alibe pointi ngakhale imodzi, ngakhale tsiku limene anyamula thireyi. Kusiyana kwa mapointiku tidakuchepetsa dala, chifukwa kusiyana kwa maudindo kuli kale pa malipiro a pamwezi.

Tione mwezi umodzi wonse, wa Okutobala, womwe umakhala wabwino chifukwa cha Tsiku la Amayi pa 15 pamene anthu a ku Lilongwe amatsikira kunyanja. M'bokosi mudatuluka K310,000. Za pa khadi ndi pa foni zidakwana K140,000. Magulu adalipira chakudya ndi zakumwa za K4,600,000 msonkho usanalowe, ndiye sevisi chaji idali K460,000. Zonse pamodzi K910,000.

Munthu aliyense timachulukitsa mapointi ake ndi masiku amene wagwira. Shefu wagwira masiku 26, ndiye ali ndi 156, chimodzimodzi woyang'anira matebulo. Anthu asanu a mapointi 5 amene adakwanitsa masiku 26 ali ndi 130 aliyense. Wachisanu ndi chimodzi adagwira masiku 20 okha chifukwa adatenga tchuthi, ndiye ali ndi 100. Mlonda ndi wotsuka mbale ali ndi 104 aliyense. Mtsikana waganyu amene adatithandiza kuperekera masiku 6 a chigulugulu ali ndi 30. Tikaphatikiza onse, mapointi akukwana 1,300. Tikagawa K910,000 ndi 1,300, pointi imodzi ikugula K700. Choncho shefu adapeza K109,200, wetala wa masiku onse K91,000, wa tchuthi uja K70,000, mlonda K72,800, ndipo waganyu K21,000. Aliyense wokhala ndi foni atha kubwereza masamuwo ali chiimire pa chitseko, ndipo amaterodi. Ndalamazi zimadutsa pa pepala la malipiro pa mzere wakewake, kuti za PAYE zioneke poyera komanso kuti pasakhale wonena kuti tipi yalowa m'malo mwa salale.

Malamulo awiri okha ndi amene sasintha. Loyamba, sitidula mbale yosweka, galasi kapena bilu ya mlendo wothawa pa tipi. Zimenezo ndi zotayika za bizinesi. Mukayamba kudula, anyamata amayamba kubisa magalasi osweka mu bini, komanso amabisa tipi m'masokosi. Lachiwiri, wodwala amene wabweretsa kalata ya kuchipatala amawerengeredwa masiku ake mpaka asanu pa mwezi. Lamulo ili adalipempha ndi antchito okha, atakambirana kuti malungo sasankha munthu.

Nanga mungadziwe bwanji kuti wina akuika m'thumba? Osafufuza matumba a anthu, yang'anani kaundula. Yerekezani za m'bokosi ndi malonda a sabata imeneyo. Ngati malonda sakusintha koma bokosi latsika kwa masabata atatu otsatizana, pali chimene chikuchitika. Chizindikiro china ndi mawetala kulimbirana matebulo a alendo akunja n'kumasiya banja la kuno likudikira madzi osamba m'manja. Pamene tipi ikulowadi m'bokosi palibe chifukwa cholimbirana. Kawirikawiri chimayambitsa si umbava ayi, ndi kukayikira. Munthu akaona kuti pepala lachedwa kukhomedwa, amayamba kudzilipira yekha.

Izi tidaziphunzira movutika. Magulu ambiri a misonkhano salipira tsiku lomwelo, amasiya chikalata cha oda n'kudzalipira pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama zathu zambiri zidali zisanabwere, pomwe mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi zakumwa idakwera usiku umodzi. Wogulitsa wina amene tidagula kwa iye zaka zitatu adakweza mtengo wa katundu amene adatipatsa kale pangongole, katundu woti alendo adamwa kale. Akudzidziwa, ndipo galimoto yake siimanso pageti pathu. Wobwereketsa wina adafuna chiwongoladzanja cha katapila, jenereta yathu ikhale chikole. Pothawa zimenezo tidalakwitsa: tidatenga sevisi chaji ya miyezi iwiri yomwe idali mu akaunti ya bizinesi n'kulipirira katundu, poganiza kuti tibweza Khrisimasi ikadutsa. Tidabwezadi yonse mu Febuluwale, koma anthu awiri odziwa ntchito adali atapita kale, ndipo bokosi lidatenga theka la chaka kuti libwerere mwakale.

Kuyambira pamenepo ndalama ya antchito ili ndi akaunti yakeyake, ndipo siituluka popanda siginecha ya woimira antchito. Gulu likalipira, 10 peresenti imasamutsidwa tsiku lomwelo. Sevisi chaji ya gulu limene silinalipire imalembedwa pansi pa pepala lija, tsiku la msonkhano ndi ndalama yake, ndipo ikabwera imagawidwa potsata mapointi a mwezi umene ntchitoyo idagwiridwa, osati mwezi umene yalowa. Wosiya ntchito pakati amatumiziridwa gawo lake. Alendo ochokera ku Britain amatiuza za lamulo lawo lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, loti olemba ntchito azipereka tipi yense kwa antchito osadulapo kanthu komanso kuti ndondomeko yogawira ilembedwe. Akafunsa ngati kuno zilinso choncho, timangowatengera kuseri kwa chitseko cha khitchini.

Tithokoze tsopano. Zikomo kwa antchito athu amene adakhalabe pa nthawi yovuta ija, amene adatiuza zoona pamaso m'malo mongonyamuka. Zikomo amayi okonza m'zipinda amene amayamba ntchito dzuwa lisanatuluke, ndi abambo amene amalondera m'mphepo ya mwera mu Juni ndi Julayi. Zikomo asodzi amene amatisungira chambo chabwino ngakhale nsomba itasowa, amayi a pamsika wa Salima amene amatipatsa tomato ndi masamba pangongole osasintha mtengo pambuyo, amfumu ndi anthu a m'mudzi muno amene adatilandira, anyamata a kabaza amene amalozera alendo njira, abale amene adasonkha ndalama ya denga loyamba, ndi inu alendo amene mumabwera ngakhale mu Januwale mvula ili pakati. Koposa zonse tithokoze Mulungu.

Pokondwerera zaka zisanuzi, gulu lililonse la anthu khumi kapena kuposerapo limene lisungitse malo mwezi uno lipatsidwa holo ya msonkhano ulere tsiku loyamba, ndipo mabanja ogona masiku atatu sadzalipira chakudya cham'mawa cha ana. Zipinda za Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano zimatha msanga, zatsala zitatu. Chambo ndi mpunga wa Kilombero zilipo tsiku lililonse kuyambira 12 koloko masana, ndipo mukafika, funsani kuti muone pepala la mwezi uno.