Lero ndatula pansi udindo wa wapampando

Lero Loweruka, pa msonkhano wa kalabu yathu ya banki m'khonde kuno ku Mponela, ndawerenga kalata yanga yotula pansi udindo wa wapampando, umene ndaugwira kwa zaka zinayi. Chifukwa chake n'chosabisika: kuntchito andisamutsira ku Ntchisi, ndipo munthu wofika pa msonkhano kamodzi pa mwezi sangatsogolere gulu lokumana sabata iliyonse. Kalatayo ndinailemba usiku wathawu, ndipo inali yaifupi. Chimene chatenga nthawi, kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndi kuwerengera chuma chimene ndikusiya m'manja mwa anzanga.

Ndinapempha kuti tisanakambe za kuchoka kwanga titsegule kaye bokosi pamaso pa mamembala onse 25, popeza sindinafune kuti mawa wina adzanene kuti ndalama zinayamba kusokonekera pamene wapampando ankachoka. Malamulo athu amati bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi ake asungidwe ndi anthu atatu a m'mabanja osiyana, ndipo bokosilo ligone kwa amayi msungichuma, amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Wapampando sasunga kiyi, sasunga bokosi, sawerenga ndalama. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira lamulo limeneli, ndipo ndinkauza aliyense kuti ine ndilibe njira yokhudzira ndalama za gulu. Lero zaoneka kuti mawu amenewo sanali oona kwathunthu.

Buku la alembi linasonyeza kuti ndalama zosabwerekedwa ziyenera kukhala K418,000. Owerenga ndalama athu awiri anapeza K310,000 m'bokosi, kutanthauza kuti K108,000 yotsalayo iyenera kukhala pa foni. Nambala yolandirira ndalama imeneyi tinaitsegula kuti tithandize mamembala amene amakhala ali pa geni ku Lilongwe tsiku la msonkhano, ndipo popeza tsiku lokalembetsa ndine ndekha amene ndinali ndi chiphaso cha unzika m'thumba, inalembetsedwa m'dzina langa, nambala yake yachinsinsi n'kukhalanso m'mutu mwanga. Nditaonetsa foniyo, panali K48,000 yokha. Panasowa K60,000, ndipo ine ndinkadziwa kumene inapita.

Miyezi iwiri yapitayo membala wina anandiimbira usiku kuti m'bale wake wamwalira kuchipatala ndipo akusowa ndalama ya galimoto yonyamula thupi. Thumba lathu la zadzidzidzi, limene aliyense amaponyamo K500 pa msonkhano, limapereka K20,000 yokha pa maliro, ndipo nayonso inali yotsekeredwa m'bokosi. Ndinamutumizira K60,000 kuchokera pa foni ya gulu, ndili ndi maganizo okanena Loweruka lotsatira. Loweruka limenelo sindinapezeke, ndipo pamene masabata ankapita, manyazi onena kuti ndinaphwanya lamulo limene ndimaliwerenga ndekha pa msonkhano uliwonse ankakulirakulira. Alembi sakanazindikira, chifukwa ndalama za pa foni ankazilemba potengera mauthenga osonyeza kuti zalowa, ndipo palibe tsiku limene tinafunsapo kuti zotsala pa nambalayo ndi zingati.

Ndinaifotokoza nkhaniyi nditaimirira, mwini ngongoleyo anavomereza, ndipo kenaka gulu linakambirana ine nditakhala chete. Mayi wina wachikulire anakumbutsa anthu kuti membalayo ali ndi masheya a K30,000, ndipo lamulo limalola kubwereka mpaka katatu pa masheya ako, choncho akanapempha pa msonkhano akanaloledwa kufika pa K90,000. Cholakwa sichinali kukula kwa ngongole koma kuiperekera kuseri. Chiwongoladzanja chathu ndi K10 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye kuti K6,000 pa mwezi, ndipo pa miyezi iwiri gulu lataya K12,000. Anagamula kuti ngongoleyo ilembedwe m'buku kuyambira lero, mwini wake aibweze m'miyezi itatu monga ngongole ina iliyonse, ndipo K12,000 ija ndilipire ine. Ndikuona kuti anagamula bwino, ngakhale bambo wina anafuna kuti andikhululukire poti ndinachita mwachifundo. Akanatero, wapampando wobwerayo akanalowa pa mpando akudziwa kuti chifundo chimatsegula chimene maloko atatu atseka.

Dongosolo lopatsirana udindo limene tagwirizana litenga masabata anayi, ndipo chachikulu chake ndi foni yomweyi. K48,000 tinakaitapa lero lomwe kwa ejenti wa pa msika, ndili ndi mboni ziwiri, ndipo yalowa m'bokosi pamodzi ndi kapepala kosonyeza ndalama imene anadula potapa. Loweruka likubwerali gulu lilembetsa nambala yatsopano m'dzina la amayi msungichuma, koma foniyo izigona m'bokosi ndipo iziyatsidwa pa msonkhano pokha, pamene zotsala zake ziziwerengedwa mokweza monga tichitira ndi ndalama za m'manja. Nambala yakaleyo ndiisunga yoyaka mpaka mwezi utha, chifukwa ndikudziwa kuti ena apitiriza kutumizako mwachizolowezi, ndipo chilichonse cholowa ndizichionetsa kwa alembi tsiku lomwelo.

Zina zonse n'zosavuta. Achiwiri anga ayamba kutsogolera misonkhano kuyambira sabata yamawa ine nditakhala pambali, ndipo chisankho chidzachitika pa Loweruka lachinayi mwa voti yachinsinsi, alangizi a zachitukuko atakhalapo ngati mboni. Ndapereka kale buku la malamulo, mabuku a mfundo za misonkhano a zaka zinayi, ndi mndandanda wa ngongole zisanu ndi ziwiri zimene sizinathe, pamodzi ndi masiku amene iliyonse iyenera kuthera. Ziwiri mwa izo zadutsa kale nthawi, ndipo ndalemba zimene ndinakambirana ndi eni ake, kuti wobwerayo asadzauzidwe kuti "wapampando wakale anandilola kudikira". Masheya anga ndiwasiya momwemo mpaka tsiku logawana mu Disembala, chifukwa kuwachotsa panopa kungachepetse ndalama zobwereketsa pamene anthu akukonzekera kugula feteleza.

Pomaliza msonkhano ndinathokoza, ndipo ndikufuna kuti mawuwo akhalenso pano. Ndikuthokoza alembi athu, amene buku lawo linali lolondola mpaka linaulula chimene ine ndinabisa. Ndikuthokoza amayi msungichuma, amene agona ndi bokosi m'nyumba zaka zonsezi, akudziwa kuti akuba amamva za magulu ngati lathu, osapempha malipiro alionse. Ndikuthokozanso mamembala onse chifukwa cha mwezi wa Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti ndipo ena ankafuna kuti tigawane msanga gulu lithe. Munavomera kudikira, ndipo chaka chotsatira munakweza sheya kuchoka pa K1,000 kufika pa K2,000, ngakhale kuti kwa ena mwa inu zinali zolemetsa. A mfumu nawonso ndikawathokoza mawa kunyumba kwawo, chifukwa khonde la bwalo lawo ndilo latisunga nyengo za mvula.

Ndisanachoke ndinapereka K12,000 ija kwa owerenga ndalama, alembi anailemba pa tsamba la chiwongoladzanja, ndipo ndinasayinira pambali pake. Osunga makiyi anatseka maloko awo mmodzimmodzi, ndipo achiwiri anga ndiwo analengeza kuti m'bokosi mwatsala zingati ndi kutseka msonkhano ndi pemphero.