Apu yathu inamwalira pa holide, ife osamva uthenga

Komiti ya sukulu inandisankha kuyang'anira ntchito yopanga apu chifukwa tsiku lina ndinachotsa pepala lomwe linakodwa mu pulinta. Kuyambira pamenepo ndinkatengedwa ngati katswiri wa chilichonse chokhala ndi waya. Apuyo sinali yovuta: zilengezo, kalendala ya mayeso ndi masiku a misonkhano ya makolo. Odzipereka tinali atatu, ine, aphunzitsi a masamu, ndi mnyamata wina amene anaphunzira pasukulupo kale. Iyeyu yekha ndi amene ankadziwa kulemba pulogalamu.

Bajeti ndinalemba ndine. Akaunti yoikira apu pa Google Play ndi madola 25, ndipo mumalipira kamodzi basi. Ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, moti amayi osunga chuma atangomva mawu oti "chaka chilichonse" anatseka buku, nkhani ya Apple inathera pomwepo. Panatsala seva yaing'ono yosungira zilengezo, ndi domeni, dzina lija limene apu imaitana ikafuna kupeza seva. Domeniyo ndinailemba pa mzere wa "zogula kamodzi", pafupi ndi madola 25 aja. Domeni sagula, amachita lendi. Palibe anandifunsa, poti ndine wa pulinta.

Chaka chinatha bwino. Sukulu itatsegulira, pa msonkhano wa makolo, ndinalumikiza foni ku pulojekita kuti makolo atsopano aone luso lathu. Pakhoma panaoneka kagudumu kozungulira. Ndinauza anthu kuti netiweki ikuvuta. Bambo wina kumbuyo anakweza foni yake nkunena kuti iwo akuonera mpira bwinobwino. Nditalemba adiresi yathu pa intaneti panatuluka `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`, ndipo aphunzitsi aakulu anafunsa chapansipansi ngati amenewo ndi mayina a ana olephera.

Mawuwo amatanthauza kuti dzinalo silikupezeka paliponse. Seva inali moyo, zilengezo zonse zili momwemo, koma apu inalibe njira yofikirako. Madzulo ndinafufuza ndi `whois`, chida choonera mbiri ya domeni. Pa mzere wa `Registry Expiry Date` panali tsiku la kumayambiriro kwa holide, ndipo domeni inali pa `redemptionPeriod`. Domeni ya `.org` kapena `.com` ikatha, kampani yolembetsa imakhala ndi masiku osapitirira 45 oisunga, ndipo nthawi zambiri mumaiwonjezera pa mtengo wake wamasiku onse. Ikaitaya, pamabwera masiku 30 oiwombola pa mtengo wokwera kangapo, ndiyo `redemptionPeriod` ija. Kenako masiku 5, ndipo aliyense angathe kuitenga. Ife masiku otchipa aja tinawagona, chifukwa pa holide palibe kholo limatsegula apu ya sukulu.

Makalata okumbutsa anatumizidwa, ina kutatsala mwezi, ina kutatsala sabata, monga malamulo a madomeni amanenera. Onse anapita ku imelo ya mnyamata uja, amene anali atapeza ntchito kutali. Kulipira kodzichitikira kunali koyatsa, koma khadi yake ya banki inali itatha.

Amayi osunga chuma atamva mtengo wowombolera anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Apa mpamene nzeru zinandibwerera. Ndinati, "Amayi, musavutike. Tigule domeni yatsopano, nyotchipa." Tinagula. Apu sinasinthe ngakhale pang'ono, chifukwa adiresi yakale inalembedwa mkati mwa apu yomwe ili m'mafoni a makolo. Kuti isinthe, pafunika kutulutsa apu yatsopano, kholo lililonse nkuitsitsa.

Kutulutsa apu yatsopano kumafuna kiyi yosainira, kafayilo kamene kamatsimikizira kuti apuyo yachokeradi kwa eni ake. Ndinaimbira mnyamata uja.

"Achikulire, kiyi ndinakusiyirani pa laputopu ya sukulu. Dzina lake `upload-keystore.jks`."

Ndinakhala chete. Kafayilo kameneko ndinkakadziwa. Ndinkayeretsa laputopu kuti izithamanga, ndipo katakana kutseguka ndinaweruza kuti ndi vairasi. Ndinakafufuta, nkukhuthulanso bini, nkudzitama m'komiti.

Mwayi wake, apu zatsopano pa Google Play zimagwiritsa ntchito Play App Signing. Kiyi yeniyeni amasunga ndi a Google, inu mumasunga yokwezera yokha, ndipo imeneyo ikatayika mumapanga ina ndi chida chotchedwa `keytool` nkupempha kuti ailowetse m'malo mwa yakale. Wopempha ndi mwini akaunti, ndipo mwini akaunti anali mnyamata yemwe uja. Nambala yotsimikizira polowa inkapita ku foni yake, iye ali pa ntchito, moti inkatifika itafa kale. Titadutsa pamenepo tinadikira masiku angapo kuti kiyi yatsopano iyambe kugwira.

Titakweza apu, inakanidwa. Chaka chilichonse, pa 31 Ogasiti, Google Play imakweza mulingo wa Android umene apu iyenera kulunjika, `targetSdkVersion`, ndipo apu yotsalira silandiridwa ikafuna kusinthidwa. Kusintha nambalayo ndi mzere umodzi, koma kumadzutsa zigawo zakale za pulogalamu zomwe sizigwirizana ndi mulingo watsopano. Mnyamata anati akufunika Loweruka ziwiri. Masiku 30 aja anali akutha. Ndinabwerera kwa amayi osunga chuma chipewa chili m'manja, tinawombola domeni yakale, ndipo pasanathe maola ochepa apu inadzuka m'mafoni onse popanda kusintha kalikonse. Tsopano tili ndi madomeni awiri, ndipo yachiwiriyo amayiwo amaitchula dzina langa.

Dongosolo losamalira apu limene tinalemba pambuyo pake ndi tsamba limodzi. Maakaunti onse, a domeni, a seva ndi a Google Play, ali pa imelo ya komiti imene anthu awiri amaiwerenga, osati ya wodzipereka, chifukwa odzipereka amasamuka ndipo sachimwa potero. Manambala osungira olowera pamene foni palibe tinawasindikiza nkuwatsekera mu ofesi. Kiyi yokwezera ndi pasiwedi yake zili m'malo awiri, ndipo pa foda pali mawu oti ine ndisakhudze. Bajeti ili ndi mizere iwiri, zogula kamodzi ndi zobwera chaka chilichonse, ndipo domeni timalipiriratu zaka zingapo, poti malamulo amalola mpaka zaka 10.

Palinso zinthu zimene sizidya ndalama koma nthawi. Mu Juni wolemba pulogalamu amapatula Loweruka ziwiri za mulingo wa Android, Ogasiti asanafike. Satifiketi ya chitetezo ya seva yathu, imene timatenga ku bungwe la Let's Encrypt, ndi yaulere koma imakhala miyezi yochepa, ndipo imadziwonjezera yokha mpaka tsiku limene yaleka osanena, choncho tinaika chida chaulere chimene chimayesa adiresi yathu nkutumiza imelo ikapanda kuyankha. Kamodzi pa teremu timatenga zosungidwa za seva nkuyesa kuzibwezeretsa pa kompyuta ina, kuti tione ngati zimatsegukadi.

Aphunzitsi a masamu anafunsa chifukwa chake sitinangopanga tsamba la pa intaneti lotseguka bwino pa foni, poti zilengezo ndi kalendala sizifuna kiyi yosainira kapena 31 Ogasiti. Akunena zoona, ndipo komiti ina ikandifunsa ndidzaiuza zomwezo. Koma tsamba nalonso limafuna domeni, ndipo udindo woyang'ana tsiku lake lotha anaupereka kwa amayi osunga chuma, amene analemba tsikulo ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku lawo. Ine anandibwezera ku pulinta.