Sabata imene tinayesa kusintha konkire ndi miyala pa makalavati a ku Bembeke

Ndine injiniya wa kampani imene ikukonza msewu wafumbi wochoka pa msewu wa M1 kulowera kumidzi ya kummawa kwa Bembeke, m'boma la Dedza. Pa msewuwu pali makalavati 18 a mapaipi a mamilimita 900, ndipo kalavati iliyonse imafuna makoma awiri, lina kumene madzi amalowera ndi lina kumene amatulukira. Pulani imene tinapatsidwa inanena kuti makoma onse 36 akhale a konkire ya zitsulo, yokhuthala mamilimita 200, pa mtengo wa K2,400,000 khoma limodzi. Sabata yonse yathayi ndinali pa ntchito yolemba chikalata chopempha eni msewu kuti atilole kumanga makomawa ndi miyala ya m'deralo, ndi kuwasonyeza kuti ngakhale mtengo utsika, khomalo ligwira ntchito yake ndipo likhalitsa monga la konkire.

Mgwirizano wathu ukutsata buku la FIDIC la mu 1999, la malamulo a migwirizano ya ntchito zomanga, ndipo ndime 13.2 ya bukulo imalola kontirakitala kubweretsa ganizo lotere ndi ndalama zake. Ganizo likavomerezedwa ndipo lasintha pulani, kontirakitala amatenga udindo wa pulani yatsopanoyo, ndipo amalandira theka la ndalama zimene zapulumuka, koma pokhapokha atayamba achotsapo mtengo wa chilichonse chimene mwini ntchito wataya pa ubwino kapena pa zaka zimene chinthucho chikhale. Mawu omalizawa ndi amene anandiyendetsa sabata yonse.

Lolemba m'mawa, kukuzizira monga amachitira mwezi wa Juni kuno, bwana wanga anabwera ndi pepala limene analembapo kale masamu awo. Iwo anati khoma la miyala lotalika mita imodzi ndi theka, lokhuthala mamilimita 400 pamwamba ndi 700 pansi, lingadye K1,500,000, kutanthauza kuti pa makoma 36 tipulumutsa K32,400,000. Anawonjezeranso kuti mapaipi tingawachepetse kufika pa mamilimita 600. Ganizo la mapaipili ndinalikana pomwepo, mwaulemu koma mosabisa mawu, chifukwa kamwa ya paipi ya 600 siifika ngakhale theka la kamwa ya paipi ya 900, ndipo m'dera lotsetsereka limene anthu amalima mbatata ya kachewere mpaka m'mphepete mwa msewu, madzi a mvula amabwera ndi dothi, mapesi ndi zinyalala. Paipi yaing'ono ikatsekeka munthu sangalowemo ndi fosholo. Kumeneko sikupulumutsa ndalama, ndi kungokankhira khonsolo ngongole ya mtsogolo. Bwana anavomera, ndipo tinatsala ndi nkhani ya makoma.

Lachiwiri ndinakhala pa desiki tsiku lonse, ndipo ili ndilo tsiku limene linasintha chikalata chonse. Khoma la konkire ya zitsulo limalimba chifukwa zitsulo zimakana kukokedwa, pomwe khoma la miyala lilibe chodalira china koma kulemera kwake. Choncho funso ndi lakuti: kodi dothi la kuseri kwa khoma, pamodzi ndi lole yodzaza chimanga imene yaima pamwamba, zingalikankhe kapena kuligubuduza? Mphamvu imene dothi limakankhira khoma timaiwerengera motere: P = ½ × Ka × γ × H². Kulemera kwa dothi lathu, γ, ndi 18 kN pa kiyubiki mita, pomwe kN ndi muyezo wa mphamvu; Ka, nambala yosonyeza gawo la kulemerako limene limakankhira cham'mbali, ndi 1/3, ndipo H, kutalika kwa khoma, ndi mamita 1.5, zimene zimapereka 6.75 kN pa mita iliyonse ya khoma. Katundu wa magalimoto anawonjezera 5 kN, zonse pamodzi n'kukhala 11.75 kN.

Nditawerengera khoma la bwana, la mamilimita 700 pansi, ndinapeza kuti mphamvu yokana kutsetsereka inangoposa yokankha ndi kuchulukitsa ka 1.09, ndipo yokana kugubuduzika ndi ka 1.06. Ife timafuna zosachepera 1.5 pa kutsetsereka ndi 2 pa kugubuduzika. Khoma lotere likhoza kuima tsiku lolipereka, anthu n'kuliyamikira, koma mvula ya mu Febuluwale ikanyowetsa dothi limayamba kupendekera panja, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala mng'alu wa pakati pa khoma ndi paipi. Ndinakulitsa phazi la khoma pang'onopang'ono mpaka linafika pa mita imodzi, pamene manambala anakhala 1.53 ndi 2.11.

Kukulitsako kunali ndi mtengo wake. Khoma linachoka pa makiyubiki mita 4.5 kufika pa 5.7, ndipo poti kiyubiki mita imodzi ya miyala yomangidwa imadya pafupifupi matumba awiri ndi theka a simenti, khoma limodzi linafuna matumba 14. Khoma la konkire la makiyubiki mita awiri limadyanso matumba 14 omwewo. Anthu ambiri amaganiza kuti kumanga ndi miyala kumapulumutsa simenti, ndipo nanenso ndinkayembekezera kulemba choncho, koma pa khoma ili sitipulumutsa thumba ngakhale limodzi. Chimene chikuchoka ndi zitsulo zokwana makilogalamu 160 pa khoma lililonse, matabwa ndi misomali yopangira zikombole za konkire, komanso miyala yophwanya ndi makina imene timaitenga kutali pa lole. Mtengo weniweni unakhala K1,900,000. Ndinawonjezanso timapaipi ta mamilimita 75 totulutsa madzi, kamodzi pa mita iliyonse, ndi miyala ing'onoing'ono kuseri kwake, chifukwa madzi akadzaza kuseri kwa khoma la mita imodzi ndi theka amakankha ndi mphamvu ya pafupifupi 11 kN, yofanana ndi ya dothi ndi galimoto pamodzi.

Lachitatu tinayenda msewu wonse ndi folomani wathu ndiponso mmisiri wamkulu wa miyala, bambo wachikulire amene wamanga makoma ambiri m'madera a Dedza ndi Ntcheu. Pa mulu wa miyala umene anthu a m'mudzi anasonkhanitsa kuti atigulitse, iwo anatola mwala umodzi, nauwomba ndi nyundo, ndipo unalira mokweza ngati chitsulo. Anatola wina wofiirira, wooneka bwino ndithu, ndipo utawombedwa unangoti phu, m'mbali mwake n'kuyoyoka ngati mchenga. "Bwana injiniya, uwu ndi wa pamwamba, unapsa ndi dzuwa ndi mvula," iwo anatero. "Mukauika m'madzi zaka zitatu, mudzaukanda ndi chala." Ndinawayankha kuti, "Bambo, zimene mwachita ndi nyundozi ndizilemba m'chikalata, kuti mwala uliwonse uziyamba walira usanalowe m'khoma." Kuti ndikhale ndi nambala yoperekeza mawu awo, ndinatenga miyala ya mitundu yonse iwiri, kuiumitsa, kuiyeza pa sikelo, kuiviika m'madzi maola 24 ndi kuiyezanso. Mwala wolira uja unamwa madzi osafika 1 peresenti ya kulemera kwake, pomwe wofiirira unapitirira 4 peresenti.

Ulendo womwewo unandichotsera makalavati anayi pa mndandanda. Atatu ali m'dambo la dothi lakuda la makande, limene limafufuma nthawi ya dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Konkire ya zitsulo imapirira pansi pakasuntha pang'ono, koma khoma la miyala limang'aluka motsata matope ake a simenti. Yachinayi ili pa chigwembe chimene madzi amatsika ndi liwiro atanyamula miyala. Pamenepa sindikanatha kuuza aliyense ndi mtima woona kuti miyala ifanana ndi konkire, choncho ndinalemba kuti makalavati anayiwa amangidwe monga mwa pulani yoyamba. Tinatsala ndi makalavati 14, makoma 28.

Lachinayi kunafika zotsatira za matope a simenti amene tinaumba masabata anayi apitawo, pamene ganizoli linangoyamba kukambidwa, popeza mphamvu ya simenti imayezedwa pakatha masiku 28. Tinasakaniza muyezo umodzi wa simenti ndi miyezo inayi ya mchenga, pogwiritsa ntchito mchenga wa malo awiri. Wa kumtsinje wakutali unapereka mphamvu ya pakati pa 8 ndi 9 MPa, kuposa 6 MPa imene tinadziikira ngati malire, koma wa pakhwawa lapafupi unangofika 5. Nditauthira m'botolo la madzi, kuukhutchumula ndi kuusiya maola atatu, pamwamba pa mchenga panakhala dothi losalala lokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mchenga wapafupiwo tinausiya, ngakhale ukanatsitsa mtengo wa mayendedwe.

Funso la kukhalitsa ndi lovuta kuposa la mphamvu, chifukwa palibe makina amene angayeze zaka makumi awiri m'sabata imodzi. Chimene ndinachita ndi kupita pa msewu wina wakale wapafupi umene uli ndi makalavati a miyala, n'kujambula asanu ndi imodzi. Anayi anali olimba, kungoti matope a m'mizere anali atayamba kugumuka. Awiri anali atagwa, ndipo onse awiri anagwa m'njira imodzi: madzi otuluka m'paipi anakumba pansi pa phazi mpaka khoma linatsala m'malere. Mwala sunalephere, chimene chinasowa ndi kakhoma kolowa pansi kotchinga madzi. M'pulani yathu kakhoma kameneka, kozama mamilimita 600, ndinakasunga monga kanalili m'pulani ya konkire, ndipo zithunzi za makoma akugwawo ndinaziika m'chikalata pamodzi ndi za olimba.

Lachisanu ndinamaliza masamu a ndalama. Makoma 28 pa K500,000 lililonse ndi K14,000,000. Pamenepa ndinachotsapo K2,000,000, imene ndinaiyerekeza kuti eni msewu adzagwiritsa ntchito pomata mizere ya matope m'zaka zikubwerazi, ntchito imene khoma la konkire silifuna. Zotsala ndi K12,000,000, ndipo gawo la kampani ndi K6,000,000. Bwana ataona nambalayi anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati kunali kofunika kuti tidziulule tokha za kumatako. Ndinawafotokozera kuti injiniya woyang'anira ntchito akazipeza yekha, akayikira manambala ena onse, komanso kuti pulaniyi ikavomerezedwa dzina limene lidzakhala pansi pake ndi lathu.

Masana ndinakapereka chikalatacho kwa injiniya woyang'anirayo, mayi wosamala kwambiri pa ntchito. Anawerenga tsamba la masamu kawiri, kenako anafunsa chinthu chimene sindinachilembe mokwanira: ndani adzaonetsetsa kuti amisiri sakuponya miyala youma pakati pa khoma n'kumata kunja kokha? Funsoli ndi loona, chifukwa khoma lamphako limapepuka, ndipo masamu anga onse a Lachiwiri amadalira kulemera. Tinagwirizana kuti khoma lizikwera mamilimita 500 okha pa tsiku, kuti woyang'anira aziona mkati lisanapitirire, ndiponso kuti pa sikweya mita iliyonse pazikhala mwala wautali umodzi wolowa mkati kumanga nkhope ya khoma ndi pakati pake. Iwo anapempha kuti tiyambe tamanga khoma limodzi loyesera pa kalavati yachisanu ndi chiwiri, limene adzaligumule pakona kuti aone mkati asanasaine. Mmisiri wamkulu uja ndamuuza kale kuti Lolemba tiyambe kusankha miyala ndi nyundo yake.