Seva ya mafilimu kunyumba: filimu yodukiza ija yayenda

Ntchito yanga yotumiza mafilimu ku tivi yasuntha ndithu sabata ino. Seva ndi kompyuta yakale imene ndinagula kaunjika m'tauni, ya Core i5 ya m'badwo wachitatu, ndipo ndinaikamo Jellyfin, pulogalamu yaulere yotumiza mafilimu ku tivi, imene inaphukira ku inzake yotchedwa Emby mu 2018. Kompyutayo ili kuchipinda, yolumikizidwa ndi chingwe ku rauta, pamene tivi ya pabalaza imalandira pa waifai. Mavidiyo a ukwati wa mlongo wanga ku Matero amayenda bwinobwino. Koma filimu imodzi imene ndinakopera kuchoka pa chimbale changa cha Blu-ray inkayenda masekondi ochepa, n'kuima, kachizindikiro n'kumazungulira.

Alamu anga atabwera kuchokera ku Kabwata anangoti, "Alamu, bandulo yanu yatha, gulani ina." Ayi ndithu. Filimu imachoka pa kompyuta, kudutsa pa rauta, kufika pa tivi, osatuluka m'nyumba muno. Intaneti imafunika pang'ono pokha, potenga zithunzi ndi mbiri ya filimu.

Waifai nayonso ndinaichotsa pa mlandu powerengera. Fayiloyo ndi ya magigabaiti 8, filimu ndi ya maola awiri, kutanthauza masekondi 7,200. Mukasandutsa magigabaitiwo kukhala mamegabiti, ndi pafupifupi 64,000, ndipo mukagawa mupeza mamegabiti osakwana 9 pa sekondi. Vidiyo ya ukwati ija ndi yolemera kuposa pamenepa, koma imadutsa pa waifai yomweyo osakakamira.

Yankho linali mu seva momwemo. Ndinayatsa filimuyo pa tivi, n'kupita pa kompyuta, n'kutsegula adiresi ya seva yothera ndi `:8096`, kenako Dashboard. Pamenepo pamaoneka chilichonse chimene chikuonetsedwa ndi njira imene chikuyendera. Vidiyo ya ukwati inkalemba Direct Play, kutanthauza kuti seva ikungopereka fayilo monga momwe ilili, tivi n'kumadzimasulira yokha. Filimu yovutayo inkalemba kuti Transcoding. Apa seva imamasula chithunzi chilichonse, n'kuchimanganso mwa mtundu wina, n'kutumiza, zonsezi filimu ili mkati moyenda. Filimu imafuna zithunzi pafupifupi 24 pa sekondi, koma kompyuta yanga inkangokwanitsa 15. Fani inkalira ngati chigayo, ntchito osakwana.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti tivi yanga imatha kuwerenga yokha HEVC, mtundu wa vidiyo umene filimuyo ili. Nanga seva ikuvutikiranji? Ndinayang'ana m'kati mwa fayilo ndi lamulo ili:

```
ffprobe -hide_banner filimu.mkv
```

Pa mzere wa mawu olembedwa m'munsi mwa filimu panatuluka `hdmv_pgs_subtitle`. Mawu a mtundu wa PGS, amene amabwera ndi zimbale za Blu-ray, kwenikweni si zilembo, ndi tizithunzi tojambulidwa kale. Pulogalamu ya pa tivi yanga siyitha kutisanjika pamwamba pa filimu, choncho imapempha seva kuti iwotcherere mawuwo m'chithunzi chenichenicho. Kuti itero, iyenera kumanganso filimu yonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: ndinazimitsa mawu a m'munsiwo pa rimoti, ndipo nthawi yomweyo filimu inayenda osaimanso.

Kuzimitsa sikukanathandiza, chifukwa amayi akumva movutikira masiku ano ndipo amatsatira nkhani powerenga. Mankhwala ake ndi fayilo ya SRT, imene ndi zilembo wamba zokhala ndi nthawi yoonekera, yopepuka kwambiri moti tivi imailemba yokha. Ndinagwiritsa ntchito Subtitle Edit, imene imawerenga tizithunzi tija n'kutisandutsa zilembo. Imaphonya apo ndi apo, makamaka kusokoneza l wamng'ono ndi I wamkulu, ndiye ndinakhala pansi n'kukonza. Fayiloyo iyenera kukhala mu foda imodzi ndi filimu, dzina lofanana:

```
filimu.mkv
filimu.en.srt
```

Nditauza seva kuti iyang'anenso mafoda, ndinasankha mawu atsopanowo pa tivi. Kompyuta inakhala phee, filimu mpaka kumapeto.

Ena amati yatsani Quick Sync kuti mbali ya zithunzi ya purosesa ya Intel ithandize. N'zoona imathandiza, koma kumasula HEVC kunayamba mokwanira ndi m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa 2015, ndipo yanga ndi ya 2012. Sindikuona chifukwa chogulira ina. Seva imene ikungopereka fayilo imadya magetsi pang'ono, ndipo kwa ife a ku Chilenje amene timadalira ka inveta magetsi akazima, zimenezi si zachibwana.

Chotsatira ndi adiresi ya seva. Magetsi akabwera rauta nthawi zina imaipatsa nambala ina, tivi n'kumaisowa, ndiye Loweruka ndikufuna kuimangirira pa nambala imodzi pa gawo la DHCP mu rauta, limene limagawa manambalawa.