Lachinayi: Msonkhano ndi Makolo pa Nkhani ya Kujomba ndi Kuchedwa

Lero tinaitana makolo a ana 12 okha, amene kaundula akuonetsa kuti ajomba masiku oposa 4 pa masiku 40 apitawa, kapena amafika belu litalira kale. Aliyense analandira kalata yakeyake. Mayina sitinawatchule pagulu, chifukwa kholo likachita manyazi lisanafike limabwera kudzadziteteza basi.

Ntchito yaikulu inachitika dzulo. Mwana aliyense tinamulembera pepala loonetsa madeti amene anajomba, kuti linali Lachingati, ndi nthawi imene amafika. Chiwerengero pachokha sichinena zambiri. Wojomba masiku 6 otsatizana kawirikawiri amakhala kuti anadwala, koma wojomba Lolemba lokhalokha ka 6 ali ndi chimene chimamugwira kumapeto kwa sabata.

Aphunzitsi aakulu analankhula mphindi 5 zokha: "Sitinakuitaneni kuti tikuimbeni mlandu. Ife timaona za kuno, inu mumaona za kunyumba, ndiye tiziphatikize." Kenaka kholo lililonse linakhala padera ndi mphunzitsi wa kalasi kwa mphindi 10.

Mayi wina anaonetsedwa pepala la mwana wawo wamkazi, amene amachedwa mphindi 20 tsiku lililonse. Kwa iwo zinkaoneka zazing'ono, mpaka atamva kuti pa sabata ndi mphindi 100, ndipo zonsezo zimagwera phunziro loyamba, masamu. Mphunzitsi sanafunse kuti "n'chifukwa chiyani amachedwa?" Funso limeneli kholo limalimva ngati mlandu. Anati, "Mayi, tatiuzani mmene zimakhalira m'mawa, kuyambira pamene wadzuka." Atatero anakhala chete. Mayiwo anayamba ndi kunena kuti mwanayo ndi wozengereza, koma mphunzitsi sanawadule, ndipo patapita kanthawi zinatuluka: mwanayo amayamba waperekeza mng'ono wake kusukulu ya mkaka, chifukwa mayiwo amalawirira kuntchito. Chifukwa chenicheni sichikonda kubwera m'yankho loyamba. Mphunzitsi anabwereza zimene wamva kuti mayiwo atsimikize, ndipo anagwirizana chinthu chimodzi chokha: mayiwo apemphe mnzawo amene amapita njira yomweyo kuti azimutenga wamng'onoyo. Analemba, aliyense n'kutenga pepala lake.

Patebulo lina sizinayende. Mphunzitsi anayamba kulangiza bambo wina asanamalize kulankhula, bamboyo n'kungoti, "Ndamva aphunzitsi, ndikamuuza." Mawu amenewa akatuluka msanga chonchi, dziwani kuti kholo latseka pakamwa, ndipo choopsa n'chakuti mwana akhoza kukalangidwa kunyumba vuto lili pomwepo. Pepala linkati mnyamatayo wajomba masiku 7, pamene bamboyo akuti amanyamuka tsiku lililonse pa nthawi yake. Zikasiyana chonchi, yankho lili ndi mwana. Mawa afunsidwa payekha ndi mphunzitsi amene amamasuka naye, ngati pali omuvutitsa panjira kapena phunziro limene akulithawa.

Makolo 3 sanabwere, aimbiridwa foni mawa. Kaundula wa ana onse 12 tidzamuonanso pakatha masabata 2, ndipo kholo la mwana amene wasintha lidzauzidwa tsiku lomwelo.