Lachitatu ku Kasungu: waya wosafuna kuchoka m'maginito

Lero kunacha ndi mphepo ya mwera, fumbi lokhalokha pamsewu. Ana a Folomu 4 anali ndi mapiriyodi awiri a fizikisi otsatizana, ndipo popeza mayeso a MSCE ayandikira, tinkabwereza mafunso a magetsi ndi maginito. Funso limodzi lokha linatidyera nthawi yonse, koma sindikudandaula.

Pabolodi ndinajambula timitanda tambirimbiri, kusonyeza kuti mizere ya maginito ikulowa m'bolodi, kuchoka kwa ife. Pakati pa timitandato ndinajambula waya wopindidwa ngodya zinayi, nsonga zake zolumikizana. Wayayo tikumukokera kumanja, ndipo theka lake latuluka kale m'dera la maginito. Mbali ya kumanja ili kunja, ya kumanzere ikadali mkati. Ndiye funso: kalenti izungulira mbali iti, motsata mivi ya wotchi kapena mobwerera?

Kalasi inagawikana. Ena anatambasula dzanja lamanja, ena lamanzere, zala zili yangayanga. Mnyamata wina wakumbuyo analakatula lamulo la Lenz bwinobwino osaphonya liwu, koma nditamufunsa kuti nanga kalentiyo ilowera kuti, anangokanda m'mutu. Vuto lake ndimalidziwa. Ana amaloweza kuti kalenti "imatsutsa", koma chimene ikutsutsacho sachidziwa, ndiye ambiri amati imatsutsa maginitowo, n'kuyankha kuti izungulira mobwerera. Amalakwa.

Ndinawauza kuti atsitse manja kaye. Tiyambe ndi ngongole, zala zibwera pambuyo.

Kalenti ikamayenda m'waya, wayayo amatentha, ngakhale pang'ono pokha. Kutenthako ndi mphamvu, ndipo mphamvu sibadwa yokha, imachokera kwinakwake. Apa palibe batire. Maginito nawo sakutha, mawa tiwapeza ali chimodzimodzi. Watsala ndani woti alipire? Mtsikana wina wa kutsogolo anayankha motsitsa mawu: "Ndi dzanja lokokalo, aphunzitsi." Ndinamuuza kuti anene mokweza, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo. Dzanja limapereka mphamvu pokhapokha ngati likukoka chinthu chimene chikukana. Choncho maginito ayenera kumakokera wayayo kumanzere, kubwerera kumene akuchoka.

Tinayesanso kuganiza mosemphana. Tinene kuti kalenti yayenda mbali inayo, ndipo maginito akukankhira waya kumanja, kumene akupita kale. Ungangomukhudza pang'ono, iye n'kuyamba kuthamanga yekha. Liwiro likakula kalenti ikula, kalenti ikakula kukankha kukula, liwiro n'kuonjezekanso, waya akutentha ndi kuthamanga popanda wolipira. Zikanatheka, bwenzi ESCOM itasiya kalekale kudalira madzi a mu Shire ku Nkula ndi ku Tedzani. Ana anaseka, koma mfundo anaigwira.

Tsopano ndiye nthawi ya zala, dzanja lamanzere, lamulo la Fleming. Tikudziwa zinthu ziwiri za mbali ya kumanzere ya waya: maginito akulowa m'bolodi, ndipo kukokako kuyenera kuloza kumanzere. Chala cha mkombaphala chiloze m'bolodi, chala chachikulu chiloze kumanzere, ndipo chapakati chimapezeka chaloza kumwamba. Ndiye kuti m'mbali ya kumanzere kalenti ikukwera, kenako idutsa pamwamba kupita kumanja, itsika mbali ya kumanja, n'kubwerera ndi pansi. Kumeneko ndi kuzungulira motsata mivi ya wotchi.

Mtsikana uja anafunsa za mbali zina zitatuzo, funso labwino. Ya kumanja kalenti ikudutsamo ndithu, koma ili kunja kwa maginito, choncho palibe choikoka. Ana ambiri amaika dzanja pa mbali imeneyi poti ndi imene ili kutsogolo, n'kusokera. Mbali ya pamwamba ndi ya pansi zili ndi zigawo zimene zikadali mkati. Ya pamwamba imakankhidwira kumwamba, ya pansi imakankhidwira pansi mofanana, ndiye zimathetsana. Ntchito yonse yatsalira mbali ya kumanzere yokha.

Kuti asaone ngati ndi nkhambakamwa chabe, tinaikapo manambala. Maginito B = 0.5 T, mbali ya kumanzere kutalika L = 0.2 m, liwiro v = 2 m/s losasintha, rezisitansi ya waya yense R = 0.4 Ω. Voliteji yobadwa ndi BLv = 0.5 × 0.2 × 2 = 0.2 V, ndipo kalenti ndi I = 0.2 ÷ 0.4 = 0.5 A. Maginito akukoka waya ndi F = BIL = 0.5 × 0.5 × 0.2 = 0.05 N, ndipo dzanja liyenera kukoka ndi 0.05 N yomweyo kuti liwiro lisasinthe. Mphamvu imene dzanja likupereka pa sekondi ndi Fv = 0.05 × 2 = 0.1 W. Ndinawapatsa ana kuti apeze okha kutentha kwa m'waya: I²R = 0.25 × 0.4 = 0.1 W. Ataona manambala awiriwo akumana, mnyamata wakumbuyo uja anati "Aaa!" mokweza, ngati munthu wapeza chenje chake chili chokwana. Tinakweza liwiro kufika 4 m/s: kalenti 1 A, kukoka 0.1 N, mphamvu 0.4 W mbali zonse ziwiri. Liwiro kawiri, mphamvu kanayi. N'chifukwa chake a kabaza amene akadali ndi dainamo ya pa tayala amamva njinga ikulemerako akaigunditsa kuti nyali iyake.

Kenako ndinabwerera ku lamulo la Lenz lija, la m'chaka cha 1834, patangopita zaka zitatu Faraday atatulukira mu 1831 kuti maginito akhoza kuyambitsa kalenti. Chimene kalenti imatsutsa ndi kusintha. Waya akamatuluka, mizere yolowa m'bolodi imene wazinga ikuchepa, choncho kalenti imapanga mizere yake yolowanso m'bolodi kuti ibwezeretse, ndipo imachita zimenezo pozungulira motsata wotchi. Yankho ndi lomwe lija. Ine ndimakonda njira ya mphamvu chifukwa mwana akaiwala mawu a lamulo, funso loti "akulipira ndani" amathabe kudzifunsa m'chipinda cha mayeso.

Belu lisanalire ndinawaponyera misampha. Waya yense akakhala mkati mwa maginito ofanana ponseponse n'kumayenda, kalenti palibe, poti mavoliteji a mbali ya kumanzere ndi ya kumanja amalimbana n'kuthetsana, ndipo dzanja silimva kukana kulikonse. Waya ukamudula penapake, voliteji ya 0.2 V ija imakhalapobe pa nsonga zodukazo, koma kalenti siyenda, kutentha palibe, kukana palibenso. Ukamusiya ali pa liwiro theka lili kunja, amachepetsa liwiro yekha, chifukwa tsopano wolipira kutentha ndi liwiro lakelo. Ndipo akamalowa m'malo motuluka, kukana kumakhalapobe, koma kalenti imazungulira mobwerera. Limeneli ndalisiya ngati ntchito ya kunyumba, aonetse ndi zala zawo.

Masana ndinatsikira kumsika, kwa mkulu wina wokonza mawailesi, kukapempha maginito a m'sipika yakufa. Anandipatsa awiri ulere. Kukoka kwa 0.05 N n'kochepa zedi, ngati kulemera kwa magalamu 5, dzanja silingakumve, ndiye mawa tidalira galuvanomita ya mu labu, kachipangizo kokhala ndi muvi umene umasuntha kalenti ikadutsa. Ndakulunga kale waya wa kopa maulendo ambiri pa kabokosi ka machesi kuti muvi usunthe mooneka. Ana adzayamba alosera mbali imene muvi ugwere potulutsa, ndi imene ugwere polowetsa, tisanalumikize chilichonse.