Mmene ndimawerengera ndalama zimene njinga yamoto imadya pa mwezi

Ndikafuna kudziwa ndalama zimene njinga yamoto ikudya, ndimayamba ndi wotchi ya makilomita. Petulo, oyilo, matayala ndi tcheni zonse zimatha malinga ndi mtunda, ndiye ngati waya wa wotchiyo udaduka, monga zilili pa njinga zambiri za kabaza muno mu Mzuzu, ukonzedwe kaye.

Nditenge njinga ya 150cc yoyenda makilomita 1,200 pa mwezi, ya munthu wokhala ku Chibavi, wogwira ntchito ku Luwinga, amene nthawi zina amafika ku Ekwendeni. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza. Inu muikepo ya lero ya pa filing'i siteshoni ndi ya kwa ogulitsa masipeya.

Petulo ndimamuyeza chonchi. Ndimadzaza thanki mpaka pakhosi njinga itaima chilili, n'kulemba nambala ya pa wotchi. Pakatha makilomita 200 kapena kuposerapo ndimadzazanso mpaka pamalo omwewo, kenako ndimagawa makilomita aja ndi malita amene alowa. Malita 5 pa makilomita 200 ndiye kuti lita imodzi ikuyenda makilomita 40. Pa mwezi ndi malita 30, ndipo lita ikakhala K3,500 zikukwana K105,000. Kuthira wa K5,000 lero, wa K3,000 mawa, sikungakuuzeni kanthu chifukwa simudziwa amene anatsalira mu thanki.

Muyeseko kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja. Mvula ya kuno imachedwa kutha, ndipo m'matope a ku Mchengautuwa kapena ku Masasa munthu amayenda nthawi yaitali pa giya yoyamba ndi yachiwiri, mafuta n'kumapita. Makilomita pa lita akatsika mwadzidzidzi msewu uli womwewo, ndimayang'ana mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya ndi pulagi. Pulagi yakuda bii ndi mwaye ikusonyeza kuti kabyuleta ikumwetsa petulo wambiri. Mwezi umene mafuta asowa n'kugula a m'zigubu, lembani mtengo umene mwalipiradi, wa MERA uja muusiye.

Zotsalazo ndimazisandutsa ndalama ya pa kilomita imodzi. Injini zoterezi zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi, kawirikawiri wa 20W-50. Kuno kuli fumbi komanso maulendo ndi afupiafupi, choncho ndimawerengera kusintha pa makilomita 1,500 aliwonse. Oyilo ndi ya makaniko zikakwana K15,000, ndi K10 pa kilomita, K12,000 pa mwezi. Oyilo akhale wa njinga yamoto. Kilatchi yake imasambira mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka: injini imalira koma njinga osathamanga.

Anthu ambiri amadzinamiza pa matayala, poti mwezi uno sanagule. Tayala limatha tsiku lililonse, kungoti ndalama yake imatuluka kamodzi. Lakumbuyo limanyamula katundu ndi kukankha njinga, ndiye limatha msanga. Likagulidwa K60,000 n'kuyenda makilomita 10,000, ndi K6 pa kilomita. Lakutsogolo la K48,000 pa makilomita 16,000 ndi K3. Ndimawonjezera K1 ya machubu ndi zigamba, zonse K10, kutanthauza K12,000 ina pa mwezi. Wonyamula anthu awiri kapena matumba a makala achepetse makilomita a tayala lakumbuyo.

Tcheni ndi masipuloketi ake awiri ndimaziwerengera pamodzi chifukwa zimasinthidwa pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akutha, osongoka ngati minga, sichichedwa kutamuka. Zonse zikakhala K45,000 pa makilomita 15,000, ndi K3. Mabuleki, pulagi, fyuluta ndi mawaya ndimaziika pa K2. Pamenepa ndi K6,000 pa mwezi.

Inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sizidalira mtunda, ngakhale njinga itangokhala pakhonde zimalipiridwa. Lamulo limafuna inshuwalansi yoteteza anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwawonongera katundu, ndipo imeneyi siilipira njinga yanu ikabedwa kapena kuphwanyika. Pofunsa mtengo nenani zoona ngati njingayo ndi ya kabaza, chifukwa mukailembetsa ngati yoyendera nokha, kampani ikhoza kukana kulipira pa ngozi. Inshuwalansi ndi COF zikakwana K72,000 pa chaka, ndimagawa ndi 12, kupeza K6,000.

Kuphatikiza zonse ndi K141,000 pa mwezi, pafupifupi K118 pa kilomita, pomwe mwini wake akafunsidwa amangotchula K105,000 ya petulo. Pa K36,000 yotsalayo, ya oyilo yokha ndiyo imatuluka pafupipafupi. K24,000 ya matayala, tcheni, mabuleki ndi mapepala ndimaisunga padera pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi uliwonse. Masipeyawa amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa ndimakafunsanso mitengo n'kuwerengera kachiwiri. Ngati njingayo ndi yangongole, ndalama yobweza pa mwezi iwonjezedwe pamwamba pa K141,000.